Tsiku Limene Mwana Wathu Anafunda ku Chiputula

Kwathu ku Chikwawa munthu akati lero kwazizira, ndiye kuti wagona usiku wonse osadzuka kukamwa madzi. Ndinakulira kumene bulangeti linali katundu wa m'sutikesi, lotulutsa mwezi wa Juni kuti lipitidwe mphepo kenako n'kulibwezeramo. Choncho bambo a kunyumba atabwera ndi nkhani yoti ku ofesi awasamutsira ku Mzuzu, ine ndinangofunsa ngati kumeneko kuli msika ndi tchalitchi. Za nyengo sindinafunse. Safunsa anadya phula.

Tinapeza kanyumba ka lendi ku Chiputula, ka zipinda ziwiri, ka malata odontha mame m'mamawa. Ndinali ndi pathupi poyamba, ndipo mwana anasankha kubadwa kumapeto kwa Juni, nthawi imene Mzuzu amaonetsa khalidwe lake lenileni. Kamvula kowaza kosadziwika poyambira, nkhungu yofika pakhomo penipeni, matewera osauma ngakhale uwapempherere. Anabadwa mnyamata, wathanzi, wolira ngati wina wamulanda chinthu.

Amayi anga anabwera kudzandithandiza. Anatsika basi atanyamula thumba la malambe ndi mapira, atavala diresi yopyapyala ndi patapata. Anayang'ana kumwamba, n'kuyang'ana ine.

"Kodi dzuwa kuno analiletsa a boma?"

"Amayi, tsitsani mawu," ndinatero ndikuyang'ana uku ndi uku. Zaka zimenezo nthabwala yokhudza boma inkatha kukupezera malo ogona aulere.

Kuyambira tsiku limenelo amayi anayamba nkhondo yolimbana ndi chisanu, ndipo bwalo la nkhondoyo linali thupi la mdzukulu wawo, amene ankamutchula kuti amuna anga. Choyamba ankamumanga kansalu pamimba kuti mphepo isalowere pamchombo. Kenako thewera, kamalaya, juzi yoluka, juzi ina, masokosi, chipewa, shawelo, bulangeti, ndipo pamwamba pa zonsezo jekete la bambo ake lopitira kutchalitchi. Mlendo akabwera kudzaona mwana ankalandira mtolo, ndipo ankayenera kufunsa kuti kumutu ndi kuti. Mayi wina woyandikana nafe anamuyankhula nthawi yaitali ndithu, akumuyamikira kuti ndi wofatsa, asanazindikire kuti akucheza ndi mapazi.

Ngakhale zinali choncho amayi sankakhutira. Ankapisa dzanja m'mtolomo pafupipafupi, kugwira timapazi, n'kupukusa mutu.

"Akadali ozizira amuna angawa. Dziko ili litiphera mwana."

Chingwe cha pamchombo chitagwa, analamula kuti zosambitsa mwana zayamba zaima mpaka dzuwa lidzabwerere kumene linapita. Tinkangomupukuta kumaso ndi kumunsi, mothamanga ngati akuba, bulangeti lili pamwamba. Kansalu ka pamimba kaja sitinkakakhudza. Ine ndinali mwana wa dzulodzulo pa nkhani za ana, ndipo amayi anali atalera asanu ndi mmodzi. Ndikanatsutsa ndi mawu ati?

Tsopano ndinene za amayi a tcheya. Anali mkulu wa amayi a chipani m'dera lathu, Mtumbuka wa thupi lake, wogulitsa nyemba pamsika, wa mawu omveka kuchokera ku Chiputula mpaka ku Luwinga popanda chimkuzamawu. Mtsogoleri wa dziko akati abwera kumpoto, iwo ndiwo ankayenda khomo ndi khomo kutola amayi okaphunzira magule ndi nyimbo kubwalo la mpira. Panalibe bodza limene anali asanalimve. Wina akati mwendo ukupweteka, ankamuuza kuti akaimba ndi pakamwa. Wina akati mutu, ankamuuza kuti akavina ndi chiuno. Tonse tinkawaopa, ndipo ine ndinene zoona, sindinkawakonda ngakhale pang'ono.

Ine anandipatsa tchuthi cha uchembere. Koma tsiku lina anaona amayi anga akudutsa ndi ndowa pamutu, n'kuima kuwayang'ana mmene ankayendera.

"Amama awa mba ku Chikwawa? Kumene kuja chiuno amabadwa nacho. Tikuwafuna chomene."

Amayi anakana mwaulemu kuti iwo anabwerera mwana. A tcheya anangoti adzabweranso.

Mwana anali atatha milungu itatu pamene tsiku lija linafika. M'mawa umenewo sanatidzutse ndi kulira monga ankachitira. Nditamuika kubere anakoka kawiri katatu n'kusiya, maso ali otseka. Mawere anga anali atadzaza mpaka kupweteka. Ndinauza amayi. Iwo anapisa dzanja m'mtolo muja monga mwa nthawi zonse, ndipo nkhope yawo inawala ngati aona m'bale wa kwathu pamsika.

"Afunda! Amuna anga afunda!"

Anaimba nthungululu m'nyumba ya zipinda ziwiri. Anandigwiritsa ine, ndipo zoonadi mwana anali wotentha ngati mbatata yochokera paphulusa. Bambo ake anabwera ndi sopo wometera ali kumasaya, anagwira, n'kunena monyada kuti iwo ananena kale kuti mwanayu azolowera. Za kusayamwa amayi anati wakhuta, ndipo za kugona anati munthu akafunda amagona, nanga adzukirenji. Tinamwa tiyi mosangalala tsiku limenelo. Bambo anakwera njinga yawo kupita ku ofesi akuimba mluzu.

Dzuwa silinaoneke, koma nthawi itakwana cha m'ma naini tinamva lole ikuima pamsewu, ng'oma zikulira pamwamba pake. Posakhalitsa pakhomo panada. Anali a tcheya, atavala nsalu ya chipani kuyambira kumutu mpaka kumapazi, nkhope ya mtsogoleri ili pachifuwa, ina pamimba, ina kumbuyo.

"Monire mose! Amama, lero ndiye palibe chothawira. Lole yili pamsewu."

Amayi anali ndi yankho lokonzeka, ndipo analinso ndi chimwemwe chofuna mboni. Ananyamula mtolo uja n'kuupereka ndi manja awiri.

"Ndisiye bwanji amuna anga tsiku limene afunda? Tagwirani nokha muone. Milungu yonseyi ndakhala ndikulimbana ndi chisanu chanuchi, lero ndachigonjetsa."

A tcheya analandira ndi nkhope ya munthu amene wamva mabodza ambiri okhudza ana. Anachotsa jekete. Anachotsa bulangeti. Anafunsa ngati m'katimo mulidi munthu. Atafika pajuzi yomaliza analowetsa dzanja pachifuwa pa mwana, osati kumapazi kumene ife tinkagwira, kenako anatsitsa tsaya lawo n'kuligunditsa pamphumi pake. Ndinaona nkhope ija ikusintha. Mawu aakulu aja anatsika mpaka ndinachita kusendera kuti ndimve.

"Wayamba pauli kotcha? Wayamba liti kutentha?"

"M'mawa uno," ndinayankha.

"Wakonkha? Akuyamwa?"

"Pang'ono. Akungosiya."

A tcheya anamugwedeza kadzanja. Mwana anatsegula maso mwaulesi n'kutsekanso.

"Tola matewera. Tikupita kuchipatala sono nthena, tsopano lino. Luwiro!"

Amayi anaseka kaye, poganiza kuti ndi njira yatsopano yotolera ovina. Ataona kuti si nthabwala anayamba kudziteteza. Anati ndi mabulangeti chabe. Anati ngati ndi malungo, tibenthule kachidutswa ka aspirini timusungunulire pasupuni, tione mmene adzukire mawa. Anatinso mwana wosakwana mwezi salowa pagulu la anthu osadziwika kumene agona.

"Mawa yayi, amama," anatero a tcheya. "Mankhwala yayi. Kamwana kangati aka sikadikira mawa."

"Ine ndalera asanu ndi mmodzi."

A tcheya anaimirira mowongoka, nkhope zonse za pansalu zikutiyang'ana. Mawu aakulu aja anabwerera.

"Kodi amama, mukukana kukwera galimoto ya chipani?"

Amayi anavala patapata wawo.

Anatikweza kutsogolo, ine ndi mwana ndi a tcheya, amayi n'kuwakankhira kumbuyo pakati pa ovina. Dalaivala anayamba kudandaula kuti iye anauzidwa za kubwalo la mpira basi. A tcheya anamufunsa dzina la bambo ake ndi mudzi wa kwawo, ndipo lole inakhota yokha. Ovina a kumbuyo aja sanauzidwe kanthu, choncho anapitiriza kuimba ndi kuomba m'manja, ng'oma zili pakalapakala. Anthu m'njira ankapatuka, ena kuvula zipewa. Ine ndinali nditaika chala m'kadzanja ka mwana wanga kudikira kuti achigwire monga ankachitira, koma sanachigwire. Pamenepo m'pamene mantha anandilowa enieni, ndipo nyimbo ija ndinkaimva ngati ikuchokera kutsidya la mtsinje.

Tinalowa pachipatala ndi ng'oma. Mlonda wa pageti anaimika sawasha mpaka chipewa kugwa. Odwala amene anali pamzere anaimirira, poganiza kuti kwabwera akuluakulu. Kunatuluka namwino wamfupi, wa imvi pang'ono, akupukuta manja.

"Kwagwanji?"

"Mwana wa masabata ghatatu, thupi likotcha, wakonkha yayi," anatero a tcheya.

Namwino sanayang'ane lole kapena nsalu. Anangonditenga padzanja, kudutsa mzere wonse, mpaka m'kachipinda. Amayi, amene anali atatsika tsitsi lili nyankhalala, ananong'ona kuti chipani n'chabwino ndithu, taonani sitinaime pamzere. Namwino anamva.

"Si za lole zimenezi, agogo. Mukanabwera wapansi opanda ng'oma, ndikanachita chimodzimodzi. Mwana wosakwana miyezi iwiri akatentha thupi saima pamzere."

Anayamba kumuvula. Juzi, juzi ina, kamalaya. Amayi ankabuula pa chovala chilichonse ngati akuvulidwa ndi iwo. Namwino anati mwina agogo akunena zoona kuti zofunda zachuluka, choncho amusiya kaye kanthawi ndi kansalu kamodzi kuti aone ngati atsike. Podikira anandifunsa mafunso. Ndinachirira kuti? Anabadwa masiku atakwana? Nsupa inasweka nthawi yaitali mwana asanabadwe? Ine ndinatenthako thupi pochira? Mwana wasanza, watsegula m'mimba, wakomokako kapena kugwedezeka timanja mosadziwika bwino? Wanyowetsa matewera angati kuyambira m'mawa? Tamupatsa mankhwala alionse, a m'sitolo kapena a zitsamba? Pa funso lomalizali amayi anayang'ana kudenga.

Kenako namwino anaika kagalasi koyezera kutentha m'khwapa mwa mwana, n'kukaonetsa kuwala kwa pawindo. Kanali katadutsa madigiri 38.

"Mwaona, agogo? Akanakhala mabulangeti okha bwenzi atatsika. Uku n'kutentha kochokera m'kati."

Anatsegula pachifuwa, n'kuyang'ana wotchi imene inali pamalaya ake, akuwerenga mmene mwana akupumira kwa mphindi yathunthu. Amayi anayamba kufunsa kanthu, a tcheya n'kuwatseka pakamwa ndi dzanja. Namwino anati akupuma mofulumirirapo, koma nthiti sizikulowa m'kati ndipo sakubuula. Anasisita paliwombo kuona ngati patukuka. Anayang'ana m'maso ndi pakhungu ngati muli chikasu kapena timatuza ta mafinya, n'kuyang'ananso m'kamwa ndi m'makutu. Anamutambasula timanja ndi timiyendo kuona ngati abweza ndi mphamvu. Anandiuza kuti ndimuyamwitse iye akuona, ndipo mwana anachita zomwe zija, kukoka pang'ono n'kusiya. Pomaliza anafika pakansalu ka pamimba.

"Ichi n'chiyani?"

"Chotchinga mphepo," anatero amayi, mawu atachepa.

Atamasula, tonse tinaona. Mchombo unali wofiira, kufiirako kutafalikira pakhungu lozungulira, pakati pali mafinya. Kafungo kake kanatipeza pamene tinaima. Amayi anakhala pansi, pasimenti pozizira pamene masiku onse sakanalola ngakhale phazi lawo kupondapo.

Namwino sanakalipe. Anaitana dokotala, mnyamata wamtali wolankhula Chichewa cha kusukulu chosakaniza ndi Chingerezi, ndipo iye anatifotokozera akusamba m'manja. Anati mwana wamkulu akatentha thupi, nthawi zambiri thupi lake limadziwa kumenya nkhondo, ndipo limaonetsa pamene pakupweteka. Koma wakhanda chitetezo chake sichinakhwime. Tizilombo tikalowa, kaya pamchombo, kaya m'chifuwa, kaya m'njira ya mkodzo, sitikhala pamalo amodzi. Timalowa m'magazi, mwinanso kufika ku ubongo, ndipo zimenezi zimatha kuchitika tsiku lisanathe. Choopsa n'chakuti mwanayo saonetsa zambiri: amangofunda, kugona, kusiya bere, basi. Ndi maso okha palibe angasiyanitse kachimfine ndi matenda akupha, choncho aliyense wa msinkhu umenewu amamutenga ngati wodwala kwambiri mpaka atatsimikiza. Aspirini uja, anati, si wa makanda n'komwe, ndipo mankhwala otsitsa kutentha akanangobisa moto uku nyumba ikupsa.

Anati amubaya kachidendene kutenga magazi, ayezenso malungo ngakhale kuti pa msinkhu umenewu sakhala kawirikawiri. Afunanso mkodzo, ndi timadzi ta pamsana kuti aone ngati matenda afika ku ubongo. Jakisoni ayamba nthawi yomweyo osadikira zotsatira, ndipo tigonekedwa.

Mkodzo ndiwo unavuta. Namwino anaima ndi kabotolo, mwana ali chigonere pamiyendo pa a tcheya, amene anandilanda ponena kuti ine ndimugwetsa. Tinadikira. Namwino atangotembenuka kuti ayankhe wina pakhomo, mnyamata wanga anatulutsa kamtsinje kokwera m'mwamba, kokhota bwinobwino, n'kukatera pachifuwa pa a tcheya, pankhope penipeni pa mwini dziko.

Dokotala anayamba kuwerenga chikalata cha pakhoma chimene ndikhulupirira anachiwerengapo kambirimbiri. Amayi anatseka maso, milomo ikuyenda. Ine ndinaona bambo a mwana akuchotsedwa ntchito, ndinaona tonse tili pa lole ina yopita kumene anthu sabwerako msanga. Namwino yekha ndiye anachita zanzeru: anatchera kabotolo n'kupeza timadontho totsalira.

A tcheya anayang'ana pachifuwa pawo, n'kutiyang'ana mmodzimmodzi.

"Kamvula ka Mzuzu aka," anatero. "Kakunjira na mu nyumba."

"Eya, kamalowadi," anavomera dokotala mwamsanga. Tonse tinavomera kuti denga la chipatala likufunika kukonza.

Za pamsana zija sindinaone. Ananditulutsa, ndipo ndinamva kulira kwake ndili pakhonde. Kunali kulira kofooka, koma ndinakukondwerera chifukwa kuyambira m'mawa anali asanalire. Dokotala anatuluka n'kunena kuti timadzi taoneka toyera ngati madzi a pampopi, chimene chinali chizindikiro chabwino, ngakhale kuti akatiyezabe. Malungo sanapezeke. Anatsuka pamchombo, kumubaya jakisoni woyamba pantchafu, n'kutipatsa bedi.

Bambo ake anafika masana, thukuta lili kamukamu m'chisanu chonse chija. Atapita kunyumba kukadya, oyandikana nawo anawauza mwachidule kuti akazi anu, apongozi anu ndi mwana atengedwa ndi lole ya chipani. Anayamba kukumbukira nthabwala zonse za amayi kuyambira ya dzuwa ija. Analowa m'chipinda cha odwala atagwira makadi athu a chipani m'manja ngati akulowa pamsika, pamene masiku amenewo wopanda khadi sankalowa. Nditawauza kuti mwana wadwala kwambiri ndipo wagonekedwa, mawu oyamba kutuluka anali akuti, "Ambuye alemekezeke." Kenako anamva bwinobwino zimene ndinanena, anayang'ana kamwana kali ndi pulasitala kuchidendene, n'kukhala pamphepete pa bedi.

Tinakhala m'chipatala kupitirira mlungu, jakisoni m'mawa ndi madzulo. Ndinkafinyira mkaka m'kapu n'kumamumwetsa pang'onopang'ono, mpaka tsiku lina anagwira bere ndi ukali wake wakale, ine n'kulira ngati mwana. Amayi masiku oyamba sankadya. Ankangoti ndikanapha amuna anga ndi manja angawa. Namwino uja ndiye anawadzutsa. Anawauza kuti mantha awo sanali opanda pake, chifukwa wakhanda akazizira thupi n'zoopsa chimodzimodzi, ndipo nayenso amafunika kuthamangira naye kuchipatala. Kungoti pogwira azigwira pachifuwa kapena pamsana, poti timapazi ta makanda timakhala tozizirirapo, ndipo pamchombo pazikhala poyera, pouma, posamanga. Amayi anangomva mbali yoyamba ija. Aliyense wobwera kudzationa ankamuuza kuti ngakhale achipatala avomereza kuti chisanu cha kuno n'choopsa.

A tcheya ankabwera madzulo alionse akachoka kubwalo, atanyamula fulasiki ya tiyi ndi zitumbuwa. Ankayamba ndi kulowetsa dzanja pachifuwa pa mwana, moni n'kubwera pambuyo. Tsiku lina amayi anawafunsa kuti anaphunzira kuti za unamwino.

A tcheya anathira tiyi m'kapu, n'kuyamba kuuzira ngakhale sanali wotentha.

"Wane wakwamba," anatero. "Woyamba wanga. Tinali kumudzi, kutali na msewu. Anali na masabata ghawiri. Anatentha madzulo, wakaleka konkha. Apongozi anati tidikire kuche, tibwereke ngolo ya ng'ombe. Nane nkhati yewo, tidikire." Anamwa tiyi pang'ono. "Ngolo yikiza namulenji. Inabwera ndithu m'mawa. Koma inanyamula matabwa a bokosi."

Amayi anatambasula dzanja n'kugwira bondo la a tcheya, ndipo anakhala choncho mpaka belu lotulutsa alendo linalira.

Titatuluka m'chipatala, lole itaimanso pamsewu, amayi sanadikire kuitanidwa. Anavala majuzi awiri a mdzukulu wawo m'manja ngati magolovesi, juzi ya bambo a mwana m'kati, nsalu ya chipani pamwamba, n'kukwera okha. Tsiku limene mtsogoleri anabwera ndinaima kutali, mwana ali kumsana, dzanja langa likupita kumbuyo pafupipafupi kukamugwira. Ndinawaona amayi pamzere woyamba, pambali pa a tcheya, akudula chiuno cha ku Chikwawa mpaka fumbi kubuka pabwalo lonyowa. Anthu ankaloza kuti taonani gogo uyo mmene akumukondera mtsogoleri. Ine ndinkadziwa amene amayi ankawavinira, ndipo sanali pansanja: anali pambali pawo pomwepo, akuvina nawo.